"Ndinawapeza pansi": kalembedwe ka lipoti wodwala akagwa usiku

Lipoti limene namwino wina wachitsikana anandipatsa kutacha linali ndi ziganizo zinayi zokha. Analilemba m'Chingerezi, monga mmene mafomu athu alili kuno ku Lusaka, koma zimene linkanena ndi izi: "Wodwala anagwa pa bedi cha m'ma 3 koloko chifukwa anadzuka yekha osaitana, ngakhale tinamuuza. Womudikirira anali atachoka. Pansi panali ponyowa chifukwa oyeretsa sanakolope bwino. Dokotala anachedwa kubwera, koma wodwala sanavulale kwambiri."

Ndinamufunsa funso limodzi. "Nesi, munawaona akugwa?"

"Iyayi a Sista, ndinamva chabe kuti khu! Pofika ndinapeza ali pansi."

Ndiye kuti chiganizo choyambirira chinali kale ndi zinthu zitatu zimene iye sanazione: kuti anagwa, kuti anagwa kuchokera pa bedi, ndiponso kuti sanaitane. M'ziganizo zinayi zija munali anthu anayi opatsidwa mlandu, wodwala, mwana wake womudikirira uja, woyeretsa ndi dokotala, koma munalibe nthawi yeniyeni ngakhale imodzi, munalibe bipi, munalibe kukula kwa chotupa. Sindikumunena namwinoyo. Anali atagwira usiku wonse, mtima uli m'mwamba, akudziwa kuti funso loyamba la akuluakulu likhala lakuti "inu munali kuti?" Munthu wamantha amalemba modziteteza, ndipo podziteteza chala chimaloza wina. Nkhaniyi ndasintha zina ndi zina kuti wodwala ndi chipatala asadziwike, koma ndi imene ndimaphunzitsira anamwino atsopano, chifukwa zolakwa zonse za kalembedwe zili momwemo.

Wodwalayo anali ambuya a zaka 74, ogonekedwa pa bedi 14 mu wodi ya amayi chifukwa cha mtima wofooka umene unawatupitsa miyendo. Anali ndi shuga, ankayenda ndi ndodo, anali ndi kanyula, kapaipi kolowetsera mankhwala mumtsempha, pa dzanja, ndipo ankamwa wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana. Unali mwezi wa Julayi, nthawi imene kuzizira kwa Lusaka kumalowa mpaka m'mafupa.

Tiyambe ndi mawu akuti "anagwa". Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse limati kugwa ndi pamene munthu wapezeka pansi, kapena pamalo otsika kuposa pomwe anali, asanafune. Potsata tanthauzo limeneli, fomu ya ngozi iyenera kudzazidwa ndithu, ndipo pa bokosi la mtundu wa ngozi muchonga kugwa. Koma m'mizere yofotokoza, wolemba amanena zimene maso ake anaona. Ngati simunaone, mawu oona ndi akuti "ndinawapeza ali pansi". Kusiyanaku kumasintha chithandizo. Munthu amene mwamuona akuterereka pang'onopang'ono kuchoka pa mpando n'kukhala pansi, mukudziwa kuti mutu sunagunde. Munthu amene mwangomupeza pansi simudziwa, ndipo amatengedwa ngati anagunda mutu mpaka zitatsimikizika kuti ayi. Mwinanso sanaterereke konse: anakomoka kaye, kapena shuga anatsika, kapena anagwidwa ndi khunyu, kenako n'kufika pansi. Mukalemba kuti "anaterereka", dokotala wowerenga m'mawa sadzafufuzanso zimenezo chifukwa mwamupatsa kale yankho.

Pofotokoza mmene munawapezera, pamafunika diso la munthu wojambula. Anagona chammbali kapena chagada? Mbali iti inali pansi? Mutu unaloza kuti? Anali pafupi ndi bedi kapena patali? Ambuya athuwa anali atagona chakumanzere, mamita pafupifupi awiri kuchokera kumiyendo kwa bedi, mutu utaloza kukhomo lopita kuchimbudzi. Zimenezi zokha zikuonetsa kuti "anagwa pa bedi" sizinali zoona. Anali atatsika kale, atayenda masitepe angapo. Lipoti lija likanapita mmene linalili, akuluakulu akanalamula kuti zitsulo za m'mbali mwa bedi zizikwezedwa, pamene vuto linali panjira ya kuchimbudzi. Ndipo zitsulozo zili ndi ngozi yakeyake: munthu wosokonezeka mutu amene watsimikiza kutsika amazikwera, n'kugwa kuchokera pamwamba kuposa pomwe akanagwera.

Nthawi nayo imativuta. Polankhula timati "pakati pa usiku", "mbandakucha", "tambala asanalire", ndipo ngakhale ife a ku Zambia amene tinazolowera kutchula maola 24 timangoti "cha m'ma ziro thiri". Lipoti limafuna nthawi zosiyana zingapo, ndipo ziwiri zoyamba ndizo zimaiwalika: nthawi yomaliza imene wodwala anaonedwa ali bwino, ndi nthawi imene anapezeka pansi. Pakati pa ziwirizi ndi pomwe pali utali wa nthawi imene akanatha kukhala atagona pa simenti yozizira. Ngati munamva phokoso, mpatawo ndi waufupi ndipo mungaunene. Ngati simunamve kanthu, lembani nthawi ziwirizo n'kusiya pomwepo, osapeka nthawi yogwera. Namwino wathu anayang'ana pa tchati chake n'kupeza kuti anadutsa pa bedi 14 nthawi ya 02:15 ambuya ali m'tulo, ndipo anadziwa kuti phokoso analimva 02:50 chifukwa anali atangolemba kumene nthawiyo pa tchati cha wodwala wa pa bedi 3. Ngati nthawi mukuiyerekeza, nenani choncho: "pafupifupi 02:50, poyang'ana wotchi ya pakhoma".

Tsopano pa "anadzuka yekha osaitana, ngakhale tinamuuza". Apa ndi pamene pamakhala poizoni wa malipoti ambiri. Ndani akudziwa kuti sanaitane? Mu wodi ya mabedi ambiri, namwino ali kumapeto ena ndi makina a okosijeni akulira, mawu a nkhalamba yodwala mtima sapita patali. Chimene namwino angachitire umboni ndi chakuti iye sanamve kuitana. Mawu akuti "tinamuuza" nawonso ndi osakwanira: anauzidwa liti, ndi ndani, m'chilankhulo chanji? M'mawodi a Lusaka mumagona olankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chisoli, ndipo kugwedeza mutu kwa munthu wamkulu polemekeza namwino sikutanthauza kuti wamva. Ngati malangizowo analembedwa mu fayilo, tchulani tsiku ndi nthawi. Mawu monga "wosamva", "wovuta", "wamakani", "sanatsatire malangizo" asapezeke pa fomu. Amenewo ndi maweruzo, ndipo saphunzitsa aliyense kanthu. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu wopanikizika ndi mkodzo sadikira, ndipo funso lothandiza ndi lakuti n'chifukwa chiyani mkodzo unamupanikiza nthawi imeneyo.

Yankho lake linali pa tchati cha mankhwala. Ambuya ankamwa furosemaidi, amene ambiri timangoti lasikisi, mapiritsi okodzetsa ochotsa madzi m'thupi. Dozi yachiwiri imayikidwa masana dala kuti munthu asadzuke usiku, pakuti piritsi limayamba kugwira ntchito pasanathe ola limodzi ndipo mphamvu yake imatenga maola pafupifupi 6. Tsikulo dozi ya 14:00 inaperekedwa 21:30, ndipo pambali panalembedwa kuti mankhwalawo anafika mu wodi 21:10. Onani mmene chinthu chimodzimodzichi chingalembedwere pawiri. Wina angati "a shifiti ya masana anaiwala kupereka mankhwala", kapena "a ku famase anachedwetsa". Wina angati "furosemaidi 40 mg wa 14:00 anaperekedwa 21:30 malinga ndi tchati, pa tchati palembedwa kuti anafika mu wodi 21:10". Chiganizo chachiwirichi sichibisa kalikonse. Wofufuza akachiwerenga adziwa yekha kumene angakafunse, koma palibe amene waweruzidwa asanamvedwe, ndipo wolembayo sananene chinthu chimene sangathe kuchiikira umboni, popeza 14:00 iye anali kunyumba akugona.

Madzi a pansi paja ndi chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri. Namwino anaona ponyowa, n'kuganiza za mopu. Koma munthu amene akuthamangira kuchimbudzi akagwa, kawirikawiri amakodza pomwepo. Madziwo ndiye angakhale chimene chinamugwetsa, kapena chimene chinabwera atagwa kale. Inu simungadziwe, ndipo simukufunsidwa kudziwa. Lembani chimene chinalipo: ponyowa panali pati, pakukula bwanji, pamtundu wanji, chitenge chawo chinali chonyowa kapena chouma, mapazi anali ndi chiyani. Ambuyawa anali atavala patapata limodzi, linalo lili pansi pa bedi, ndodo yawo itatsamira khoma kumutu kwa bedi. Chitenge chinali chonyowa. Mawu akuti "chifukwa" ndi amene ndimauza anamwino kuti aziwasaka m'lipoti lawo asanasaine. Paliponse pamene pali "chifukwa", dzifunseni ngati munaona chifukwacho kapena mwachiganizira. Pa fomu ya ngozi "chifukwa" amaloledwa bwino akakhala m'kamwa mwa wodwala, mkati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa.

Mawu a wodwala ndi umboni wamtengo wapatali, koma timawawononga powamasulira. Ambuya anati: "Ndinafuna kukataya madzi. Nditaimirira ndinaona mdima, miyendo inalema." Namwino wotopa amafupikitsa zonsezi kukhala liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza chizungulire. Koma "ndinaona mdima nditaimirira" ndi "nyumba inali kuzungulira" ndi matenda awiri osiyana: choyamba chimaloza ku bipi yotsika poimirira, chachiwiri chimaloza ku khutu lam'kati kapena ku ubongo. "Miyendo inalema" si chimodzimodzi ndi "ndinapunthwa". Ndiye lembani mawuwo m'chilankhulo chimene anawalankhulira, m'zizindikiro za mawu ogwidwa, kenako muike tanthauzo lake pambali. Ngati wina anamasulira, nenani kuti anamasulira ndani, mwa udindo wake kapena ubale wake. Chimodzimodzi mboni: mayi wa pa bedi 15 anati anawaona akuimirira, akugwira chitsulo cha bedi, n'kuyenda. Zimenezo zimalembedwa ngati zonena za wodwala wa pa bedi 15, osati ngati zimene inu munaona.

Za mwana wawo wamkazi, amene ankawadikirira. M'zipatala zathu achibale odikirira, mabedisaida aja, amagwira ntchito yaikulu, ndipo chifukwa cha zimenezo timafulumira kuwasenzetsa mlandu. Koma wodwala amene wagonekedwa ali m'manja mwa wodi. Chiganizo choona ndi chakuti "nthawi imene ndinafika pa bedi panalibe wachibale, mwana wawo anafika 02:58 ndipo anati anapita kukatenga madzi otentha". Basi. Osawonjezera "anawasiya okha".

Chilankhulo chathu chili ndi msampha wina umene umagwira ntchito mbali inayo. Timatha kunena chinthu popanda wochichita: kapu yasweka, madzi atayika, mankhwala anaiwalika. Mwana akaswa mbale amati "yasweka", ndipo tonse timamvetsa. Namwino akamva kuti lipoti lisakhale loloza chala, nthawi zina amathawira kumeneku, n'kulemba lipoti lopanda anthu, momwe zinthu zimangochitika zokha: wodwala anaonedwa, dokotala anadziwitsidwa, zitsulo zinatsitsidwa. Ndani anaona? Ndani anatsitsa? Kusaloza chala sikutanthauza kufufuta anthu. Zimene munachita inuyo lembani ndi "ndina-": ndinamva, ndinapeza, ndinayeza, ndinaimba foni. Zimene anachita ena lembani ndi udindo wawo, ndipo pamene fomu ili ndi malo a mayina, mayinawo alembedwe pamenepo. Chimene chimachotsedwa ndi chiweruzo chokha.

Izi zimakhudzanso cholakwa chanu chomwe. Tiyerekeze kuti munatsitsa chitsulo cha bedi posintha nsalu ndipo simunachikwezenso. Ena amabisa, ndipo kubisa kukadziwika kumawononga dzina kuposa cholakwacho. Bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, limene likugwira ntchito pansi pa lamulo la 2019, limatha kuitana namwino pa nkhani za khalidwe pantchito, ndipo zolemba zabodza n'zovuta kuziteteza kulikonse. Ena amadzikwapula okha: "ndinalakwa, ndinanyalanyaza, mlandu ndi wanga." Izinso si zoona zimene munaona, ndi chiweruzo chimene mwadzipatsa muli ndi tulo ndi chisoni. Lembani kuti "nthawi ya 01:30 ndinatsitsa chitsulo cha kumanja posintha nsalu, pamene ndinawapeza chinali chotsika". Mwanena zonse.

Nanga kuchepa kwa anamwino, kumene aliyense wogwira usiku amafuna kukufuulira? Kulembeni, koma ndi manambala. "Tinali ochepa monga mwa masiku onse ndipo akuluakulu sasamala" ndi dandaulo, ndipo wowerenga amalidumpha. "Mu wodi munali odwala 36 ndi anamwino 2, kuyambira 02:30 mpaka 03:10 namwino wachiwiri anaperekeza wodwala ku ekisireyi, ine ndinali pa bedi 3 kuyambira 02:35" ndi chinthu chimene palibe angachitsutse, ndipo chimayankha funso lija lakuti "munali kuti" popanda kudziteteza. Za dokotala n'chimodzimodzi. Palibe chifukwa cholembera "anachedwa". Lembani nthawi imene munaimba, zimene munamuuza, zimene anayankha, ndi nthawi imene anafika. Mwina anali ku wodi ina akutsitsimutsa munthu amene mtima unaima. Mphindi zimene zinadutsa wowerenga aziwerengera yekha.

"Sanavulale kwambiri" ndi mawu amene amandiopsa kuposa ena onse. Mwa munthu wachikulire amene akumwa wafarini, magazi angathe kumatuluka pang'onopang'ono mkati mwa chigaza iye akulankhula bwinobwino, n'kudzayamba kusinza kapena kusokonezeka patapita maola, nthawi zina masiku. Amene akulemba 04:00 sangadziwe mmene 10:00 idzakhalire. Chimene angalembe ndi zimene anapeza pa nthawi imene anayeza, ndipo ayenera kutchula nthawiyo. Lipoti lionetsenso kuti kuyezako kunachitika munthu asananyamulidwe, chifukwa dzanja limathamangira kudzutsa nkhalamba yomwe ili pansi, pomwe kudzutsa munthu wothyoka nyonga kapena wovulala khosi kumawonjezera ngozi. Nyonga yothyoka nthawi zambiri imadziwika ndi mwendo umene wafupika n'kutembenukira kunja, ndi ululu m'mphechepeche. Zimene simunapeze nazonso ndi umboni: khosi silikupweteka, miyendo ndi yofanana kutalika, sanasanze. Mukasiya osalemba, wowerenga sadziwa ngati zinalibe kapena simunayang'ane.

Pa za mutu timagwiritsa ntchito sikelo ya Glasgow, imene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaitulutsa mu 1974. Imayeza kutsegula maso, kulankhula ndi kusuntha thupi, ndipo chiwerengero chimayambira pa 3 kufika pa 15. Kulemba "anali bwinobwino" sikuthandiza namwino wa m'mawa, koma 15/15 nthawi ya 02:55 ndi poyambira pamene adzayerekezere akadzaona 13. Ndondomeko imene ambiri amatsata ndi yoyeza mphindi 30 zilizonse kwa maola 2, kenako ola lililonse kwa maola 4, kenako maola awiri aliwonse, pokhapokha dokotala kapena malamulo a chipatala chanu anene zina.

Titakhala pansi ndi namwino uja, tchati ndi fayilo zili patebulo, tinalembanso gawo lofotokoza. Linatuluka chonchi:

"02:15 ndinadutsa pa bedi 14, wodwala anali m'tulo, zitsulo zonse za m'mbali zotsika, mwana wake atakhala pa mpando. Pafupifupi 02:50, ndili pa bedi 3, ndinamva phokoso la chinthu chogunda pansi. Sindinamve kuitana phokosoli lisanachitike. 02:51 ndinapeza wodwala atagona pansi chakumanzere, mamita pafupifupi 2 kuchokera kumiyendo kwa bedi, mutu utaloza kukhomo la kuchimbudzi. Sindinamuone akugwa. Anali maso, akudziwa dzina lake ndi malo. Anati: 'Ndinafuna kukataya madzi. Nditaimirira ndinaona mdima, miyendo inalema.' Anati akukumbukira zonse. Chitenge chinali chonyowa. Pansi pake panali ponyowa pafupifupi theka la mita, madzi achikasu pang'ono. Anavala patapata limodzi. Ndodo inali kumutu kwa bedi. Babu la panjira ya kuchimbudzi silinali kuyaka. Ndinagwiritsa ntchito tochi. Panalibe wachibale, mwana wake anafika 02:58, anati anapita kukatenga madzi otentha.

"02:55, asanasunthidwe: Glasgow 15/15, timwana ta maso tofanana ndipo tikuyankha kuwala, bipi 118/70, kugunda kwa mtima 96, kupuma 20, okosijeni 94%, shuga 5.8. Chotupa pamphumi kumanzere, 3 cm ndi 2 cm, khungu losang'ambika. Anati khosi, msana ndi nyonga sizikupweteka. Miyendo yofanana kutalika, manja ndi miyendo zikuyenda. Kanyula ili m'malo. 03:00 ndinaimbira dokotala wa usiku, ndinamuuza zonsezi ndi kuti wodwala ali pa wafarini. Anati ndiyambe kuyeza za mutu mphindi 30 zilizonse ndipo akubwera. 03:05 ine, wothandiza mu wodi ndi mwana wa wodwala tinamubwezera pa bedi. 03:15 ndinadziwitsa a Sista oyendera usiku. 03:40 dokotala anafika n'kumuyeza. 03:50 bipi atagona 116/70, patatha mphindi imodzi ataimirira mogwiriziridwa 92/60. Anati mdima wabweranso, tinamugoneka. Mu wodi munali odwala 36 ndi anamwino 2. Wachiwiri anali ku ekisireyi 02:30 mpaka 03:10. Furosemaidi 40 mg wa 14:00 anaperekedwa 21:30 malinga ndi tchati."

N'lalitali kuposa loyamba, inde, koma kulilemba sikutenga mphindi 20 ngati munalemba nthawi pa kapepala zinthu zikuchitika. Ndipo taonani zimene munthu amene sanalipo angatolemo. Nambala yapamwamba ya bipi inatsika ndi 24 poimirira. Ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yapansi ikatsika ndi 10, mkati mwa mphindi zitatu, timati bipi imagwa poimirira. Zikugwirizana ndi mdima umene ambuya ananena. Mankhwala okodzetsa anamwedwa usiku. Njira inali yamdima. Ndodo inali kumene dzanja silikanaifikira msanga. Namwino mmodzi anali ndi wodi yonse kwa mphindi 40. Zonsezi zinakumana usiku umodzi. Katswiri wa za maganizo wa ku Britain, James Reason, anafanizira chitetezo cha m'malo ngati chipatala ndi magawo angapo otchinga, lililonse lili ndi mabowo ake. Ngozi imadutsa tsiku limene mabowo ayang'anizana. Lipoti loyamba lija likanatha ndi kudzudzula woyeretsa amene sanalakwe, mabowo onse n'kutsala momwemo kudikira wodwala wina.

Babu lija ndi limene linandiphunzitsa ine. Namwino sanafune kulilemba, akuti "aliyense adziwa kuti linapsa kale, a Sista". Zimene aliyense mu wodi amadziwa ndi zomwe sizifika ku ofesi. Usiku timazolowera zinthu zimene masana sizioneka: mabuleki a bedi osagwira, mpando wotchinga njira, belu loitanira lakufa kapena losakhalapo n'komwe, mphindi zamdima magetsi akathima jenereta isanayake, monga tinkaonera kawirikawiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Ngati zinalipo pa nthawi ya ngozi, zilembedwe mmene zinalili, popanda kuwonjezera kuti okonza ndi aulesi. Ngati munazinenapo kale m'buku la zokonza, tchulani tsiku.

Pali kafunso kena pa fomu kamene anthu amakaopa: kodi wodwala anayezedwa chiopsezo cha kugwa atagonekedwa? Zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito sikelo ya Morse, imene Janice Morse ndi anzake anaisindikiza mu 1989. Ili ndi mafunso 6, chiwerengero chimafika 125, ndipo malo ambiri amatenga 45 kupita m'mwamba ngati chiopsezo chachikulu. Ambuya athu akanapeza 15 pa matenda achiwiri, 15 pa ndodo, 20 pa kanyula ndi 10 pa kuyenda mofooka, zonse pamodzi 60. Mu fayilo yawo pepalalo linali losadzaza. Chiyeso chimene chimabwera pamenepa n'chachikulu: kulidzaza tsopano n'kuikapo deti la dzana. Musatero. Lembani kuti "mu fayilo sindinapeze kuyeza kwa chiopsezo cha kugwa kodzazidwa", kenako yezani tsopano ndi deti ndi nthawi ya tsopano. Atagwa, funso la mbiri ya kugwa limawonjezera 25, ndiye ambuya anafika pa 85.

Fomu ya ngozi silowa m'malo mwa fayilo ya wodwala. Zimene munapeza ndi zimene munachita pa thupi lake zilembedwenso mu fayilo, chifukwa ndi mmene dokotala ndi namwino wotsatira amawerenga. Fomu imapita kwa a inichaji ndi kwa oyang'anira ubwino wa chithandizo. Nthawi ndi manambala pa mapepala awiriwa zifanane, pakuti 02:51 apa ndi 03:15 apo zimadzutsa mafunso amene simungawayankhe patapita miyezi. Lembani shifiti isanathe, musanakambirane kwambiri ndi anzanu, chifukwa nkhani ikafotokozedwa kangapo imayamba kusalala n'kutaya tinthu tating'ono. Aliyense amene anaonapo kanthu alembe zake. Musalembere mnzanu zimene iye anaona. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi kuti mawu akale aziwerengekabe, lembani oyenera, sainani n'kuika nthawi. Osapaka choyera, osang'amba. Mukakumbukira kanthu mawa, kalembeni ngati chowonjezera cha mawa. Ndipo musajambule fomu kuti muitumize pa gulu la WhatsApp la wodi. Lamulo la Zambia loteteza uthenga wa munthu, la 2021, limaika za umoyo m'gulu la uthenga wofunika kuusamala mwapadera.

Kuuza achibale nakonso kumalembedwa: ndani anauzidwa, nthawi yanji, anauzidwa chiyani. Mawu apakamwa akhale ofanana ndi a papepala. Namwino uja anali atauza kale mwana wa ambuya usiku womwewo, mokwiya, kuti "mukanakhalapo sakanagwa". M'mawa tinapita limodzi. Iye ndiye analankhula: "Amayi, pepani ndi mawu aja. Ambuya tinawapeza pansi 02:51, sitinawaone akugwa. Ali ndi chotupa pamphumi, ndipo popeza amamwa mankhwala a magazi aja tikuwayang'ana pafupipafupi. Mukaona akusinza kwambiri, akusanza, kapena akulankhula zosamveka, tiitaneni nthawi yomweyo." Kunena pepani kwa munthu amene kholo lake lavulala si kuvomera mlandu, ndipo pa fomu zinalembedwa mzere umodzi: "07:20 ndinafotokozera mwana wa wodwala zimene zinachitika ndi zizindikiro zoyang'anira, a Sista a wodi alipo."

Bokosi lomaliza pa mafomu ambiri limafunsa maganizo a wolemba pa zimene zingaletse ngozi ngati imeneyi. Apa pokha ndi pamene maganizo anu amaloledwa, ndipo alembedwe ngati zinthu zochitika, osati ngati makhalidwe a anthu. "Anamwino azisamala" sichisintha kanthu. Namwino wathu analemba zinayi: babu la panjira likonzedwe, dozi ya mankhwala okodzetsa ikachedwa kufika madzulo, dokotala afunsidwe isanaperekedwe, wodwala amene wamwa mankhwalawo usiku apatsidwe bedipani kapena aperekezedwe kuchimbudzi pa kuyendera kulikonse, ambuya asamutsidwire pa bedi loyandikira tebulo la anamwino, ndodo ili mbali imene amatsikira. Anasaina 07:35, ine ndinasaina pansi pake, ndipo pa tchati cha za mutu mzere wa 08:00 unali ukudikira namwino wa m'mawa.